Kuwerenga Masiku a Khirisimasi ndi Timabokosi ta Machesi

Mwezi wa Disembala ukangolowa, pali funso limodzi limene makolo amalimva m'mawa ndi madzulo: "Kodi Khirisimasi ndi mawa?" Mukamuyankha mwana wa zaka zisanu kuti kwatsala masabata atatu, iye amagwedeza mutu ngati wamva, koma kukacha afunsanso funso lomwelo. Sikuti mwanayo ndi wosamva ayi. Vuto ndi lakuti masiku saoneka ndi maso ndipo sagwirika ndi manja. Lero tikambirana za kachipangizo kamene kamasandutsa masiku kukhala zinthu zimene mwana angazione, kuziwerenga ndi kuzitsegula, chimodzi tsiku lililonse. Kachipangizoka kamatchedwa kalendala ya Adventi, ndipo mungathe kukapanga ndi timabokosi ta machesi kapena zidutswa za nsalu. Amene muli ndi pensulo pafupi, itengeni, chifukwa titchulapo miyeso ingapo.

Kumene mwambowu unachokera

Liwu lakuti Adventi linachokera ku Chilatini ndipo limatanthauza kufika. Ndi nyengo imene mipingo yambiri imakonzekera Khirisimasi, ndipo imakhala ndi masiku a Lamulungu anayi. Mwambo wowerengera ana masiku a nyengoyi unayamba m'mabanja a ku Jeremani m'zaka za m'ma 1800. Makolo ena ankalemba mizere 24 ndi choko pa chitseko, ndipo ana ankafufuta mzere umodzi tsiku lililonse. M'chaka cha 1839, Johann Hinrich Wichern, amene ankalera ana osauka ku Hamburg, anatenga gudumu la ngolo n'kuikapo makandulo: anayi aakulu oyera a masiku a Lamulungu, ndi ang'onoang'ono ofiira a masiku ena. Tsiku lililonse ankayatsa kandulo ina yoonjezera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Gerhard Lang wa ku Munich anayamba kusindikiza makalendala otere pa mapepala n'kumagulitsa.

M'mbiri imeneyi muli phunziro limodzi limene litithandize. Mzere wa choko sudyedwa, kandulo si mphatso. Chimene chinkasangalatsa anawo chinali kuona ndi maso awo kuti masiku akupita. Choncho ntchito yaikulu ya kalendalayi ndi kuonetsa nthawi, osati kugawa masiwiti. Amene wamvetsa zimenezi sadzadandaula kuti alibe ndalama zogulira mphatso 24.

Masiku angati?

Musanadule chilichonse, sankhani chiwerengero cha masiku. Adventi ya kutchalitchi siyamba tsiku lofanana chaka chilichonse. Imayamba pa Lamulungu limene lagwa pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala, motero imatha kukhala ya masiku 22 kapena kufika 28. Mu 2022 inayamba pa 27 Novembala, pamene mu 2023 inayamba pa 3 Disembala. Kalendala yotsata Adventi ya kutchalitchi imafuna kusintha chaka ndi chaka. N'chifukwa chake anthu ambiri amangoyamba pa 1 Disembala n'kulekeza pa 24. Ubwino wake ndi wakuti nambala ya pa kabokosi imakhala yofanana ndi deti la tsikulo, ndipo kalendala yomweyo imagwiranso ntchito chaka chamawa.

Koma ngati mwana wanu ndi wa zaka zitatu kapena zinayi, masiku 24 ndi ulendo wautali kwambiri kwa iye. Mupangireni timabokosi 7 tokha, ndipo ayambe kutsegula pa 18 Disembala.

Kusonkhanitsa ndi kumata timabokosi

Kabokosi ka machesi kali ndi zigawo ziwiri: chakunja chimene timakhutchirapo machesi, ndi kam'kati kamene kamatuluka ndi kulowa ngati dilowa ya kabati. Kalendala yathu idzakhala kakabati kakang'ono ka madilowa 24. Timabokosi timene timagulitsidwa m'maokala nthawi zambiri timakhala pafupifupi masentimita 5 m'litali, 3.5 m'lifupi ndi 1.5 kuchindikala kwake. Yezani tanu, ndipo onetsetsani kuti tonse ndi ta mtundu umodzi, chifukwa kamodzi kokha kosiyana msinkhu kamapendeketsa mzere wonse. Sonkhanitsani 28 kapena 30, popeza tina tidzaphwanyika pokonza. Njira yabwino ndi kuyamba kusunga totha machesi miyezi ingapo Disembala isanafike, ndi kupempha kwa anansi. Gwedezani kalikonse ndi kuyang'anamo kuti musatsale ngakhale kamtengo kamodzi ka machesi.

Timabokosi timeneti tisanjidwa m'mipanda inayi, mpanda uliwonse timabokosi 6 tosanjikizana. Kakabati kotero kamakhala pafupifupi masentimita 14 m'lifupi ndi 9 m'mwamba, ndipo chifukwa n'kachifupi sikagwa mwana akakoka dilowa. Mukasanja 8 kapena 12 mmwamba, kadzagwa tsiku loyamba lomwe.

Chomatira chabwino ndi guluu woyera wa akalipentala kapena wa kusukulu. Ngati palibe, phikani phala lomatira: supuni imodzi ya ufa wa chinangwa kapena wa tirigu, masupuni asanu a madzi, pa moto wochepa, mukutakasa kufikira litalimba n'kuyamba kunyezimira. Lidikireni lizizire. Dziwani kuti phala lotere ndi chakudya cha mphemvu ndi makoswe, ndiponso limachita chuku nyengo ya mvula. Kalendala yomata ndi phala ndi ya chaka chimodzi. Yomata ndi guluu ingakhale zaka zingapo.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ena amatulutsa tam'kati tonse asanamate, ndipo zakunja zimaphwatalala zikatsinikizidwa, kotero kuti madilowa salowanso. Ena amapaka guluu wambiri, n'kufinyikira m'mphepete, n'kumatirira dilowa. Inu musiye kam'kati kali m'malo mwake kuti kazichirikiza chakunja. Pakani guluu pang'ono pakati pokha pa nkhope yaikulu ya kabokosi, kusiya mpata m'mphepete monse. Sanjikizani 6, timangeni ndi ulusi mosathinitsa, ndipo pakapita mphindi khumi kankhani dilowa iliyonse ndi chala kuti muone ngati ikuyenda. Imene yayamba kugwira, itulutseni, pukutani, ibwezereni. Mipanda inayi ija igone usiku wonse pansi pa buku lolemererapo, pamalo ouma. Kukacha imateni m'mbali kuti ikhale chinthu chimodzi.

Tsopano dulani lamba wa katoni yofewa, masentimita 5 m'lifupi ndi 48 m'litali, muzunguze kakabati konse pamwamba, m'mbali ndi pansi, n'kumata. Lamba ameneyu amalimbitsa kakabati, komanso amabisa mbali zokhutchira machesi. Kumbuyo matani katoni ina ya masentimita 14 ndi 9, kupaka guluu m'mphepete mokha, kuti madilowa asamatulukire kumbuyo. Pomaliza, dilowa iliyonse ifuna chogwirira. Boolani kutsogolo kwake ndi singano yaikulu, lowetsani ulusi wopindika pawiri umene mwatungirako batani laling'ono kapena mkanda, ndipo mangani mfundo yaikulu m'kati. Katoni ya machesi ndi yopyapyala, choncho matani kapepala kakang'ono m'kati pamene pali mfundo kuti isang'ambe.

Kuti mwana aone masiku akutha

Chinthu chimene ndinene tsopano ndicho mtima wa kalendala yonse. Ngati dilowa yotsegulidwa ibwezedwa monga inalili, kakabati kadzaoneka chimodzimodzi pa 20 monga kanaonekera pa 1, ndipo mwana sadzaona kusintha kulikonse. Tsiku lopita liyenera kuoneka mosiyana ndi tsiku limene likubwera.

Njira yake ndi iyi, ndipo ichitike musanaike zogwirira zija. Madilowa onse ali m'malo mwake, matani kapepala koyera kutsogolo kwa iliyonse. Kenaka jambulani nyenyezi imodzi yaikulu yodutsa pa madilowa onse 24, ngati kuti ndi pepala limodzi, n'kuipaka utoto ndi makirayoni. Mukatha, tulutsani dilowa imodzi, itembenuzeni kuti mbali ya nyenyezi iloze kumbuyo, n'kuibwezera m'malo mwake momwemo. Chitani zimenezi imodziimodzi, osati kutulutsa zonse pamodzi, chifukwa zikasokonezeka nyenyezi sidzalumikizana. Pa mbali yopanda chithunzi imene tsopano ili kutsogolo ndi pamene mulembe nambala ndi kuika chogwirira. Tsiku lililonse mwana akatsegula dilowa yake, aibwezere atatembenuza. Batani limene lapita kumbuyo lidzachititsa kuti dilowayo itsalire kunja pang'ono, ndipo zimenezi n'zabwino, chifukwa mudzapeza pogwira poitulutsanso. Pang'ono ndi pang'ono manambala adzachepa ndipo nyenyezi idzakula. Akadzafunsa kuti kwatsala masiku angati, mudzangomuuza kuti, "Pita ukawerenge manambala amene atsala."

Kwa ana amene akuphunzira kumene kuwerenga, lembani manambala mwa dongosolo, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kwa ana okulirapo asakanizeni, kuti kufunafuna nambala ya tsikulo kukhale mbali ya masewera. Lembani ndi pensulo yakuda kapena kirayoni, chifukwa inki ina imayenderera pepala likagwira chinyezi.

Timatumba ta nsalu

Amene muli ndi singano ndi ulusi mungasankhe timatumba. Timalowa zinthu zokulirapo, timachapika, ndipo sitiopa chinyezi ngati katoni. Kathumba kalikonse kafuna kansalu ka masentimita 10 m'lifupi ndi 24 m'litali. Kuchokera pa nsalu ya mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 72 m'litali mungadule tinsalu 30, kutanthauza kuti theka la chitenje chakale likukwanira n'kutsalako. Zidutswa zotsala kwa atelala zimachitanso bwino, ndipo kusiyana kwa mitundu kumakongoletsa.

Yambani ndi mpendero. Pindani masentimita 2 ku nsonga zonse ziwiri za kansalu n'kusoka, kusiya njira yodutsa chingwe. Kenaka pindani kansaluko pakati, kunja kwake kuli m'kati, ndipo sokani mbali ziwiri kuchokera pansi n'kulekeza pamene mpendero wayambira. Mukasoka mpaka pamwamba mudzatseka njira ya chingwe, ndipo ndi cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri. Tembenuzani kathumba, ndipo lowetsani chingwe cha masentimita 30 pochikoka ndi phini. Timatumba 24 tidya chingwe chopitirira pang'ono mamita 7, ndipo mufunanso mamita 3 a chingwe cholimba chopachikapo. Amene alibe nthawi yosoka angadule nsalu ya masentimita 15 mbali zonse, kuika chinthu pakati, n'kumanga ngati kaphukusi. Nambala ilembedwe pa kakatoni kotungira ku chingwe. Kathumba kotsegulidwa kachotsedwe pa chingwe n'kusungidwa, kuti mzere uzifupika tsiku ndi tsiku. Umo ndi mmene mwana amaonera masiku akutha pa kalendala ya nsalu.

Zoika m'kati ndi adani ake

Mwambowu unabadwira kumene Disembala ndi mwezi wa chisanu choopsa. Kwathu kuno ndi mwezi wa mvula ndi kutentha, ndipo amene adzaza timabokosi tonse 24 ndi masiwiti pa 30 Novembala adzapeza zachisoni sabata isanathe. Shuga amakoka chinyezi, motero siwiti imayamba kunyowa ndi kumata, n'kunyowetsa katoni. Chokoleti chimasungunuka, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja. Nyerere zimabwera pa mzere, ndipo mtedza umaitana makoswe amene amaboola katoni ndi nsalu yomwe. Zizindikiro zake n'zosavuta kuona: banga lonyowa pansi pa dilowa, dilowa yofufuma yokana kutuluka, timadontho takuda ta chuku pa pepala, kapena tizidutswa ta katoni pansi m'mawa.

Mankhwala a zonsezi ndi amodzi. Musaike chodyedwa chilichonse m'kalendala kufikira usiku wa tsiku limene chidzatsegulidwe m'mawa mwake. Zodyedwa zikhale m'botolo lotseka bwino, kumene inu nokha mukudziwa. Njira imeneyi imathetsanso vuto la mwana wosuzumira, pakuti akatsegula dilowa ya mkuja adzapeza mulibe kanthu, ndipo sadzabwerezanso. Kakabati kakhale pa shelefu kapena pamwamba pa kabati, kosakhudza khoma limene limanyowa, ndiponso kutali ndi moto, nyali ndi podontha. Pa chingwe cha timatumba, pakani mafuta odzola olimba aja ku nsonga zonse ziwiri pafupi ndi misomali, kuti nyerere zisowe podutsa.

Pali chenjezo lina limene ndikupempha kuti mulimve bwino, chifukwa likukhudza moyo. Chinthu chilichonse chimene chingalowe m'kabokosi ka machesi chingalowenso m'kamwa mwa khanda. Mikanda, mabatani, makobiri, nyemba ndi masiwiti olimba zingathe kutsamwitsa mwana wosakwana zaka zitatu, ndipo mtedza wosasinja suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana zaka zisanu. Timabatire tozungulira ta m'mawotchi tisayandikire konse, chifukwa tikamezedwa timaotcha kummero m'maola ochepa. Ngati m'nyumba muli mwana wokwawa, kalendala ikhale pamwamba pamene sangafike, chingwe cha timatumba chisalendewere pafupi ndi pogona pake, ndipo kutsegula kuchitike munthu wamkulu ali pomwepo.

Nanga tiikemo chiyani masiku onsewa? Yankho ndi kapepala. Kapepala kopindika sikasungunuka, sikaitana nyerere, ndipo sikafuna ndalama. Pa kapepala mungalembe gawo la nkhani, ndagi, ntchito yochitira limodzi, kapena malo amene mwabisa kamphatso kosakwana m'kabokosi.

Chitsanzo cha banja la ana atatu

Tiyerekeze banja limene lili ndi ana atatu, wa zaka 5, wa zaka 8 ndi wa zaka 11, ndipo likukonza kalendala ya Disembala wa 2026. Kalendala ndi imodzi, ana ndi atatu, ndipo mkangano uli pafupi ngati makolo sakonzekera. Masiku 24 kugawa kwa ana atatu, aliyense apeza masiku 8. Wamng'ono ndiye ayambe, popeza ndiye amavutika kudikira. Iye atsegula pa 1, pa 4, pa 7, n'kumapita choncho mpaka pa 22. Wapakati atsegula pa 2, pa 5, mpaka pa 23. Wachisamba atsegula pa 3, pa 6, mpaka pa 24. Kuti pasakhale kutsutsana, manambala a mwana aliyense alembedwe ndi kirayoni ya mtundu wake: ofiira a wamng'ono, obiriwira a wapakati, akuda a wachisamba.

Makolowa ali ndi ndalama zokwanira timphatso titatu tokha ta aliyense payekha, ndipo asankha kutiika pa masiku a Lamulungu. Mu 2026 masiku a Lamulungu a Disembala Khirisimasi isanafike ndi pa 6, pa 13 ndi pa 20. Tikayang'ana mndandanda uja, pa 6 ndi tsiku la wachisamba, pa 13 ndi la wamng'ono, pa 20 ndi la wapakati. Aliyense wapeza Lamulungu limodzi. Koma wapakati adzadikira nthawi yaitali kuposa anzake, choncho auzidwiretu pachiyambi pomwe kuti tsiku lake la mphatso ndi pa 20, ndipo alione ndi maso ake pa kakabati. Timphatsoto tikhale tofanana mtengo. Pensulo silowa m'kabokosi, motero kapepala kanene kuti, "Kayang'ane kuseri kwa mtondo." Pa 24, ngakhale wotsegula ndi wachisamba, za m'katimo zikhale za onse, monga masiwiti atatu ofanana.

Tachotsa masiku anayi, kwatsala 20. Makolowa awagawa motere: masiku 8 a nkhani, 6 a ndagi, ndi 6 a ntchito yochitira limodzi. Mwana aliyense apeza ndagi ziwiri ndi ntchito ziwiri. Wamng'ono ndi wapakati apeza nkhani zitatu aliyense, wachisamba ziwiri, chifukwa iye ali kale ndi tsiku la 24.

Nkhani zisanu ndi zitatuzo zitsatane ngati mikanda pa ulusi. Yoyamba ndi lonjezo la mwana m'mutu 9 wa Yesaya, yachiwiri ndi mudzi wa Betelehemu m'mutu 5 wa Mika. Zinayi zotsatira zili m'mutu woyamba wa Luka: Zakariya m'Kachisi, mngelo kwa Mariya, ulendo wa Mariya kwa Elizabeti, ndi kubadwa kwa Yohane. Yachisanu ndi chiwiri ndi loto la Yosefe m'mutu woyamba wa Mateyu. Yomaliza, ya pa 23, ndi ulendo wa ku Betelehemu koyambirira kwa mutu wachiwiri wa Luka, ndipo ilekezere pamene apaulendo afika. Za kubadwa kwa Yesu ndi za abusa zisungidwe kufikira pa 24. Pa kapepala pangolembedwa mutu wa nkhani, ndipo mayi kapena bambo aifotokoze m'mawu awoawo kwa mphindi zisanu.

Ntchito ya pa 1 Disembala ikhale yogwirizana ndi nyengo. M'dilowa yoyamba muli nyemba zitatu, ndipo kapepala kakuti aliyense adzale yake m'chitini chobooka pansi. M'nthaka yonyowa nyemba imamera pakapita pafupifupi sabata, ndipo pofika Khirisimasi imakhala ndi masamba angapo. Imeneyi ndi kalendala yachiwiri, yokula pamene inayo ikutha. Tengani nyemba za m'khitchini, osati mbewu yogula yopakidwa mankhwala a mtundu, chifukwa mankhwalawo ndi oipa m'manja ndi m'kamwa mwa ana. Ntchito zina zingakhale kukatungira madzi agogo, kupanga nkhosa zadongo, kapena kusankha nyimbo yoimba madzulo. Ndagi ilembedwe yopanda yankho, ana aivutikire tsiku lonse, ndipo yankho liperekedwe pa chakudya chamadzulo.

Mawu amodzi pa timapepala ta malonjezo. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Musalembe chinthu chimene simungathe kuchita. Disembala ndi mwezi wopalira ndi kuthira feteleza, ndipo bambo amene walemba kuti "Lero tipita kumsika" n'kupezeka ali kumunda mpaka dzuwa kulowa waononga chikhulupiriro cha mwana pa timabokosi tonse totsala. Apa ndi pamene kudzaza usiku kumathandizanso. Mumalemba kapepala mukudziwa kale mmene mawa lidzakhalire, ndipo ngati ndi tsiku lotanganidwa mumasinthanitsa ntchito ndi ndagi.

Mabanja a ana ambiri

Nambala ya 24 imagawika bwino kwa ana awiri, atatu, anayi, asanu ndi mmodzi, ndi asanu ndi atatu. Ngati ana ndi asanu, onjezani kathumba ka tsiku la Khirisimasi lenilenilo kuti masiku akhale 25, aliyense asanu. Ngati ana ndi 7, samalani: popeza sabata ili ndi masiku 7, mwana mmodzi yemweyo ndiye adzatsegula Lamulungu lililonse. Pamenepo mphatso zisamangiriridwe ku Lamulungu. Mwana aliyense apeze masiku atatu, limodzi mwa iwo likhale la kamphatso, ndipo masiku atatu omaliza akhale a onse. Lembani mndandanda wonse pa pepala musanayambe, ndipo muuyang'ane ndi diso la mwana amene akufuna kudziwa ngati wamanidwa.

Sankhaninso nthawi imodzi yotsegulira, kaya ndi m'mawa phala lisanadyedwe kaya madzulo pobwera kumunda, ndipo isasinthesinthe. Mukaiwala kudzaza usiku wina, musabise. Uzani ana kuti dilowa ya lero itsegulidwa madzulo. Mwana akadwala kapena akachoka, dilowa yake imudikire, wina asamutsegulire. Ndipo kalendalayi isasanduke chikwapu. Mukamulanda mwana tsiku lake chifukwa walakwa, mwasokoneza chiwerengero, ndipo chimene chinali chophunzitsa kudikira chasanduka chophunzitsa mantha.

Omvera athu amene sachita Khirisimasi angagwiritse ntchito kakabati komweka powerengera tsiku lina lililonse limene mwana akulidikira, monga kutsegulira sukulu kapena kubwera kwa bambo amene ali kutali ku ntchito. Chosintha ndi chiwerengero cha timabokosi ndi chithunzi cha kumbuyo basi.

Khirisimasi ikapita, tulutsani madilowa onse, akutumuleni, yanikani kakabati pa mphepo tsiku lopanda mvula, n'kukasunga m'chitini chotseka pamodzi ndi pepala la mndandanda. Timatumba tichapidwe ndi kuuma bwino tisanapindidwe.

Tisanatsazikane, tikumbutsane zinthu zinayi. Guluu akhale wochepa ndipo madilowa akhale m'kati pomata. Tsiku lopita lizioneka mosiyana ndi tsiku lotsala. Dzazani usiku, dilowa imodzi yokha. Ndipo tinthu ting'onoting'ono tikhale kutali ndi khanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene watsegula kabokosi kamodzi n'kusiya 23 tili chitsekere wayamba kale kuphunzira zimenezo. Kuyambira lero, kabokosi ka machesi kakatha musakataye pa moto.